Nkhani Imodzi, Mafotokozedwe Awiri: Kuthetsa Mkangano wa Antchito Mosakondera

Antchito awiri akamakangana, nthawi zambiri wowayang'anira sakhalapo. Chomwe chimamufika mu ofesi ndi nkhani ziwiri zosagwirizana. Wina akuti watukwanidwa popanda chifukwa, mnzake akuti iye anangofunsa funso mwaulemu ndipo amene wanyozedwa ndi iyeyo. Onse awiri akulankhula motsimikiza, ndipo aliyense akuyembekezera kuti bwana akhulupirira za iye. Mphunzitsi wamkulu, kapitawo wa pa esiteti, mwini golosale ndi namwino woyang'anira wodi amakumana ndi vuto lomweli.

Pali njira ziwiri zachidule zomwe oyang'anira ambiri amathamangira, ndipo zonse zimawononga. Yoyamba ndi kukhulupirira amene wafika koyamba, kapena amene wakhalitsa pantchito. Yachiwiri ndi kunena kuti "nonse mwalakwa, gwiranani chanza," popanda kufufuza kanthu. Njira yachiwiriyi imaoneka ngati chilungamo, koma imakondera wolakwa, chifukwa imamugawira wosalakwa theka la mlandu womwe si wake. Kusakondera kwenikweni ndi kupatsa anthu onse awiri mwayi wofanana, kenako n'kuyeza mfundo iliyonse ya nkhani zawo payokha. Woyang'anira sasankha munthu woti amukhulupirire. Amasankha mfundo zomwe zili ndi umboni.

Chifukwa chake nkhani zimasiyana

Nkhani ziwiri zikatsutsana, anthu amafulumira kuganiza kuti mmodzi akunama. Zimachitikadi, koma kawirikawiri onse awiri amakhala akunena zomwe akukumbukira moona mtima. Munthu amene wapsa mtima amasunga bwino mawu omwe amupweteka, koma mawu ake omwe amawakumbukira atafewa. Amene anakuwa amakumbukira kuti "anangokweza mawu pang'ono." Komanso aliyense amayambira nkhani pamalo pake. Kwa wina mkangano unayamba lero m'mawa, kwa mnzake unayamba sabata yatha ndipo za lerozi zangodzaza chikho.

Kukumbukira kumasinthanso malinga ndi mafunso omwe munthu wafunsidwa. M'chaka cha 1974, akatswiri awiri a ku Amereka, Elizabeth Loftus ndi John Palmer, anaonetsa ophunzira kanema wa ngozi ya magalimoto n'kuwafunsa liwiro lomwe magalimotowo ankathamanga. Ophunzira omwe anafunsidwa za magalimoto omwe "anaphwanyana" anatchula liwiro lalikulu kuposa omwe anafunsidwa za magalimoto omwe "anagundana." Patapita sabata, m'gulu loyamba lija munapezeka anthu ochulukirapo onena kuti anaona magalasi osweka, ngakhale kuti mu kanemayo munalibe galasi losweka. Choncho bwana akafunsa kuti "Anakukuwirani bwanji?" wayika kale kukuwa m'mutu mwa wofunsidwayo.

Maonekedwe a nkhope nawonso sathandiza. Charles Bond ndi Bella DePaulo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri m'chaka cha 2006 ndipo anapeza kuti anthu amalondola bodza ndi zoona pafupifupi ka 54 pa 100 paliponse, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi kungolota. Kuno kwathu nkhaniyi ndi yovutirapo, chifukwa wantchito wamng'ono amayang'ana pansi ndi kulankhula motsitsa pamaso pa bwana posonyeza ulemu. Woyang'anira amene amatenga kuzolika ngati chizindikiro cha bodza amalanga anthu aulemu n'kumasula olimba pakamwa.

Zoyamba kuchita

Wodandaula woyamba akalowa mu ofesi, ntchito ya woyang'anira ndi kumvetsera ndi kulemba, osati kugwirizana naye. Mawu ngati "Ameneyo ndi khalidwe lake" kapena "Musadandaule, ndithana naye" amatuluka mosavuta pofuna kutonthoza munthu, koma pofika masana amakhala atafalikira pantchito ponse monga chigamulo. Mawu otetezeka ndi onena zomwe zichitike: "Ndamva zomwe mwanenazi ndipo ndazilemba. Ndimvanso kwa anzanuwo lero lomwe, ndipo mawa ndikuuzani pomwe tafika."

Woyang'anira ayeneranso kudzifunsa ngati ali woyenera kumva nkhaniyo. Ngati mmodzi mwa awiriwo ndi mlamu wake, mnzake wa kumpingo, wakwawo kapena munthu amene anakanganapo naye, ndi bwino kuipereka kwa mkulu wina. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo ngakhale woyang'anirayo ataweruza molungama, woluzayo sadzakhulupirira.

Nthawi nayonso ndi yofunika. Onse awiri amvedwe tsiku lomwelo kapena lotsatira, mitima itatsika koma nkhani isanafotokozedwe kambirimbiri pa nkhomaliro. Nkhani ikabwerezedwa kangapo imauma, mbali zokayikitsa zimagwa, ndipo mboni zimayamba kukumbukira zomwe zauzidwa m'malo mwa zomwe zinaona. Ngati pakufunika kuwalekanitsa kwa kanthawi, kusunthako kusagwere mmodzi yekha, chifukwa amene wachotsedwa pamalo ake amaoneka ngati wapezeka kale wolakwa.

Kumva aliyense payekha

Aliyense amvedwe yekha, m'chipinda chomwecho, kwa nthawi yofanana, ndi mafunso ofanana. Ngati wina wakhazikidwa pampando n'kumvedwa kwa theka la ola, mnzake asafunsidwe choimirira pakhonde. Funso loyamba likhale lotambasuka: "Tafotokozani zomwe zinachitika, kuyambira pomwe mukuona kuti m'poyambira." Munthuyo asadulidwe mawu mpaka atamaliza. Pambuyo pake mpamene pamabwera mafunso ofuna tsatanetsatane: inali nthawi yanji, munaima pati, panali ndani, ananena mawu otani enieni, inu munayankha chiyani.

Luso lalikulu pa gawoli ndi kubweza mawu oweruza kuti akhale mawu ofotokoza. Wantchito akati "anandinyoza," woyang'anira afunse kuti "Ananena chiyani, kapena anachita chiyani?" Akati "amachita dala," afunsidwe chomwe anaona chomwe chinamupangitsa kuganiza choncho. Kunyoza ndi kuchita dala sizingafufuzidwe, koma mawu omwe ananenedwa ndi nthawi yomwe chinthu chinachitika zikhoza kufufuzidwa.

Munthu akamaliza kufotokoza mbali yake, ayenera kuuzidwa zomwe mnzake akumunenera kuti ayankhe. Zimenezi zibwere kumapeto, chifukwa zikabwera koyamba nkhani yake yonse imasanduka yodziteteza. Pomaliza, zolembedwazo ziwerengedwe mokweza kuti mwiniwake akonze pomwe palakwika, ndipo asainire. Funso lotsiriza ndi lakuti iye akufuna kuti zinthu zikhale bwanji. Ambiri safuna kuti mnzawo achotsedwe ntchito. Amafuna kuti zisadzachitikenso, kapena kuti dzina lawo liyeretsedwe pamaso pa omwe anamva.

Chitsanzo: dalaivala ndi kalaliki

Chitsanzo chongoyerekeza chingasonyeze mmene nkhani ziwiri zimayezedwera. Pa holoselo ina mu Limbe, dalaivala wa lole ndi mayi amene ndi kalaliki wa nyumba yosungiramo katundu akangana Lachisanu m'mawa. Loleyo imayenera kunyamula matumba 120 a ufa kupita ku Zomba ndi ku Liwonde.

Kalaliki akuti dalaivala anafika mochedwa, 9 koloko itadutsa, anafuna kuti apakiridwe katundu popanda chikalata chotulutsira katundu, anamenya tebulo, ndipo anamutchula wakuba pamaso pa anyamata onyamula katundu. Dalaivala akuti anafika 8 koloko isanakwane, mayiyo anamudikiritsa dala n'kuyamba kupakira lole ya dalaivala wina amene amagwirizana naye, anamuuza kuti "ndinu dalaivala chabe," ndipo iye anangofunsa za matumba awiri omwe anaperewera sabata yatha, omwe anatsala pang'ono kudulidwa pamalipiro ake.

Pongomva, nkhanizi zikuoneka ngati sizikumana paliponse. Woyang'anira akaziyala papepala moyandikana, mfundo ndi mfundo, zimagawika m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi la zomwe onse akuvomereza. Onse akuti lole inachedwa kupakiridwa, lole ina inapakiridwa koyamba, nkhani ya matumba awiri inatchulidwa, ndipo panali anyamata awiri pafupi. Gululi limakhala lalikulu kuposa mmene okanganawo amaganizira, ndipo ndi pomwe zokambirana zimadzayambira.

Gulu lachiwiri ndi la zomwe akutsutsana koma zili ndi zolembedwa. Buku la mlonda wa pageti likusonyeza kuti lole inalowa 7:40 m'mawa. Chikalata chotulutsira katundu chinasainidwa ku ofesi yogulitsa 9:15. Chikalata cha lole inayo chinasainidwa Lachinayi madzulo. Apa zikuoneka kuti dalaivala akunena zoona pa nthawi yomwe anafika, ndipo kalaliki akunena zoona kuti chikalata panalibe. Atafunsidwanso, kalaliki akufotokoza kuti kwa iye dalaivala "amafika" akabwera pazenera ndi chikalata m'manja. Palibe ananama pa mfundoyi. Mmodzi amawerenga nthawi ya pageti, winayo ya pazenera. Nkhani yodikiritsa dala yagwanso, popeza lole inayo inali ndi pepala lake kale, ndipo lamulo la pakampanipo silola katundu kutuluka popanda pepala.

Gulu lachitatu ndi la zomwe akutsutsana ndipo zikudalira mboni. Anyamata awiri aja akufunsidwa aliyense payekha, popanda kuuzidwa zomwe wina wanena. Onse anamva phokoso patebulo. Dalaivala atauzidwa zimenezi akuvomera kuti anaponya makiyi patebulopo mwamphamvu. Pa liwu lakuti wakuba, mnyamata woyamba akuti anamva dalaivala akufunsa mokweza kuti, "Nanga matumba awiri aja anapita kuti, mayi?" Wachiwiri akuti dalaivala anatchuladi wakuba, koma atafunsidwa kuti anaima pati, zikupezeka kuti anali pamwamba pa lole inayo injini ikulira, ndipo liwulo analimva kwa kalaliki mkangano utatha. Funso lakuti "Munamva nokha kapena munauzidwa?" liyenera kufunsidwa kwa mboni iliyonse.

Gulu lachinayi ndi la zomwe sizingatsimikizike. Palibe anamva mawu akuti "ndinu dalaivala chabe." Dalaivala akuumirira kuti ananenedwa motsitsa pazenera, kalaliki akukana. Mfundoyi ilibe buku, ilibe mboni.

Kulemera kwa umboni

Umboni wonse sulemera mofanana. Zolembedwa pa nthawi yomwe zinthu zinkachitika, monga buku la pageti, risiti kapena uthenga wa pafoni, zimaposa zomwe munthu akukumbukira patapita masiku. Zomwe munthu wavomereza zomwe zikumuipira iye mwini, monga kuponya makiyi kuja, n'zodalirika kwambiri. Mboni zisawerengedwe ngati mavoti. Anthu anayi a m'chigawo chimodzi omwe akufotokoza ndi mawu ofanana ndendende akhoza kukhala kuti apangana, pomwe mboni zoona zimagwirizana pa zazikulu n'kusiyana pa zing'onozing'ono. Pafunikanso kuona kuti mboniyo imadalira ndani. Mnyamata waganyu amene amasankhidwa tsiku ndi tsiku ndi kalaliki sangamutsutse momasuka, ndipo n'chifukwa chake ayenera kufunsidwa poduka mphepo.

Mbiri ya munthu igwiritsidwe ntchito mosamala. Kuti dalaivala anachenjezedwapo chaka chatha chifukwa cha mkwiyo si umboni wakuti ananena liwu lakuti wakuba Lachisanu. Mbiri imalowa pamapeto, poganizira kukula kwa chilango pa cholakwa chomwe chatsimikizika kale.

Muyeso wa pantchito si wa kukhoti la milandu yaupandu, komwe mlandu uyenera kutsimikizika popanda chikayiko. Pantchito funso ndi lakuti: poona umboni wonse, kodi n'kwapafupi kuti chinthucho chinachitika kusiyana ndi kuti sichinachitike? Umboni ukapendekera mbali imodzi, woyang'anira anene choncho mosazungulira. Ukakhala pakatikati, yankho loona ndi lakuti mfundoyo sinatsimikizike. Kusatsimikizika sikutanthauza kuti wodandaula wanama, ndipo zimenezi ziyenera kunenedwa momveka kwa onse awiri. Wantchito akalangidwa chifukwa chodandaula chinthu chomwe chasowa mboni, anzake onse amaphunzira kukhala chete.

Kupereka zotsatira

Mu chitsanzo chija, zotsatira zikutuluka zosiyana pa mfundo iliyonse. Dalaivala sanachedwe. Kalaliki sanamudikiritse dala, anatsata lamulo. Dalaivala anaponya makiyi ndi kufunsa za matumba mokweza pamaso pa anyamata, mwa njira yomwe aliyense akanamva ngati akuloza kalaliki chala, ndipo khalidwe limenelo n'losaloledwa ngakhale liwu lakuti wakuba silinatsimikizike. Mawu onyoza omwe kalaliki akuganiziridwa sanatsimikizikenso. Chigamulo chotere sichinagawe mlandu pakati kuti onse akondwe. Chaika chilichonse pomwe umboni wachiika.

Aliyense auzidwe zotsatirazi payekha, tsiku limodzi, ndi mawu ofanana. Ngati pali chenjezo, liperekedwe mseri, ndipo winayo angouzidwa kuti nkhaniyo yasamalidwa. Pambuyo pake, ngati onse avomera, mpamene amakumanitsidwa. Kuwakumanitsa koyambirira, asanamvedwe payekhapayekha, kumangobwereza mkangano pamaso pa bwana, ndipo amapambana ndi wodziwa kulankhula.

Pa msonkhano wa onse awiri, woyang'anira ayambe ndi zomwe akugwirizana, kenako alole aliyense kunena mmene nkhaniyo inamukhudzira, winayo akumvetsera. Apa mpamene dalaivala angamve kuti funso lake linaika ntchito ya mayiyo pachiswe, ndipo kalaliki angamve kuti mnzake anakhala ola ndi theka pabwalo popanda womuuza chomwe chikuchedwetsa, ali ndi nkhawa ya malipiro ake. Mfundo zosatsimikizika zisatsegulidwenso. Kupepesa kusakakamizidwe, chifukwa kupepesa kolamulidwa kumangowonjezera chidani. Chofunika ndi mgwirizano wa zochita zooneka: chikalata chikachedwa kalaliki adziwitse dalaivala nthawi yomweyo, ndipo funso lililonse la katundu woperewera lipite kwa woyang'anira, osati kufunsidwa pazenera. Mgwirizanowo ulembedwe ndipo pakhale tsiku lodzaonanso mmene zikuyendera, monga pakatha masabata awiri.

Kafukufuku wotere amavumbulanso zomwe si za awiriwo. Chikalata chomwe chimayenera kukhala chokonzeka Lachinayi chinasainidwa 9:15 Lachisanu, ndipo nkhani ya matumba awiri inakhala sabata yathunthu osafufuzidwa. Zonsezi ndi udindo wa oyang'anira. Zikapanda kukonzedwa, mkangano womwewo udzabukanso, mwina ndi dalaivala wina.

Mmene kukondera kumadziwikira

Kukondera sikumveka ngati kukondera kwa amene akukuchita, choncho woyang'anira ayenera kudziyesa ndi zizindikiro zooneka. Ngati zolemba zake zikuti za wina "anafotokoza kuti" koma za mnzake "akungonena kuti," wapendekera kale. Ngati mmodzi wafunsidwa mafunso khumi ofuna kumukola ndipo winayo awiri okha, wapendekera. Ngati anadziwa chigamulo asanatsegule buku la pageti, wapendekera. Njira ina yodziyesera ndi kusinthanitsa anthuwo m'maganizo: kukanakhala kuti woponya makiyi ndi wantchito wokondedwa uja, kodi chilango chikanakhala chomwecho?

Malire a njirayi ndi zomwe lamulo likunena

Si mkangano uliwonse womwe uyenera kuthera pa kuyanjanitsa. Pakakhala kumenya, kuopseza, kuba, kusalana chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo, kapena nkhanza zokhudza kugonana, nkhaniyo ndi mlandu wofuna kafukufuku wotsata ndondomeko ya chilango. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndipo kukhazika wodandaula pamaso pa womuzunza kuti "akambirane" n'kumuonjezera nkhanza. Kuyanjanitsa kumavutanso pamene mmodzi ndi bwana wa mnzake, chifukwa wamng'onoyo akhoza kuvomera chilichonse poopa kutaya ntchito. Zikatero pakhale munthu wachitatu womuperekeza, monga nthumwi ya bungwe la antchito kapena mnzake wa pantchito amene wamusankha yekha.

Kumva mbali zonse si ulemu chabe, ndi lamulo. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito. Lamulo la za ntchito la 2000, pa gawo 57, limati wantchito asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayambe wapatsidwa mwayi wodziteteza. Gawo 61 limaika pa wolemba ntchito udindo wopereka chifukwacho ndi kusonyeza kuti anachita mwachilungamo. Wochotsedwa ntchito ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo nkhani ikapanda kutha kumeneko imapita ku bwalo la milandu ya zantchito. Kumeneko wolemba ntchito amafunsidwa zomwe anafufuza, yemwe anamumva ndi zomwe analemba. Amene anangokhulupirira wofika koyamba amakhala wopanda choonetsa, ngakhale wochotsedwayo atakhala kuti analakwadi.

Woyang'anira amene watsata njirayi sangalonjeze kuti onse awiri atuluka okondwa. Chomwe angalonjeze n'chakuti aliyense wamvedwa mofanana, mfundo iliyonse yayezedwa ndi umboni wake, ndipo palibe walangidwa pa chinthu chosatsimikizika. Wantchito amene waluza nkhani yomwe yayendetsedwa motero amatha kuvomereza chigamulo n'kubwerera kuntchito, pomwe amene waluza asanamvedwe amapita nayo nkhaniyo kwa anzake, ku ofesi ya zantchito kapena kukhoti.